Intaneti ikavuta kunyumba ine ndili kuno, chitani izi

Amayi, achemwali, ndi iwe mphwanga, ndafika bwino ku Karonga usiku wathawu, tinadzera ya kunyanja. Ndaona kuti munandiimbira kanayi tili pakati pa Dwangwa ndi Nkhata Bay, ndipo meseji yanu achemwali ndaiwerenga, yoti intaneti yasiya kugwira pomwe muli ndi ntchito ya kusukulu yoti mutumize Lachisanu. Mawa tikulowa m'midzi komwe foni yanga izigwira mwa apo ndi apo, choncho ndalemba zonse pano kuti musamadikire ine. Uthengawu ndautumiza pa foni ya achemwali chifukwa ndi yomwe ili ndi deta yakeyake. Mphwanga, ukauwerenga ukopere mfundo zake m'kope lobiriwira lija lili m'dirowa ya pansi pa tivi, kuti tsiku lina zikadzavuta foni ilibe deta udzakhale ndi powerenga.

Ndiyambe ndi chinthu chimodzi choti musachite. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa kuti `Reset`. Musalowetsemo singano, chotokosera m'mano kapena waya, ngakhale wina wobwera kudzacheza atakuuzani kuti kwawo amatero ndipo zimatheka. Kabowo kameneko kamafufuta zonse zomwe ndinaikamo, dzina la wayifayi yathu, pasiwedi yake, ndi zina za mkati, n'kuibwezera rauta momwe inalili tsiku logula. Mavuto ambiri omwe timakumana nawo pakhomopo kabowoka sikangawathetse, chifukwa sikabweza bandulo yomwe yatha ndipo sikayatsa nsanja ya netiweki yomwe yazima.

Kuti musamangoyesa china chilichonse, dziwani kaye njira yomwe intaneti imadutsa kuti ifike pa foni yanu. Imachoka pa nsanja ya kampani ya mafoni, n'kulowa mu simukhadi yomwe ili mkati mwa rauta, ngati simukhadiyo ili ndi bandulo. Rauta, ikakhala ndi magetsi, imaigawa m'nyumba kudzera pa wayifayi, foni kapena laputopu n'kuilandira. Ntchito yanu ndi kupeza kuti yadukira pati mwa malo amenewa, ndipo muyambire pafupi, pa foni yomwe ili m'manja mwanu, muzipita kutali pang'onopang'ono.

Poyamba yesani ndi mafoni awiri. Tengani ya amayi ndi ya mphwanga, muzimitse deta ya m'foni pa onse awiri, musiye wayifayi yokha. Izi za kuzimitsa deta musazidumphe. Foni ikaona kuti wayifayi sikuyenda imatha kutembenukira ku deta ya simukhadi yake mwakachetechete, inu n'kumati zakonzeka pomwe ikudya mayunitsi anu. Mukazimitsa, musayesere pa WhatsApp, chifukwa mauthenga akale amaonekabe ngakhale intaneti palibe. Tsegulani Chrome mufufuze mawu omwe simunafufuzepo, kaya dzina la mudzi wa agogo. Zikatuluka zotsatira, intaneti ilipo.

Ngati foni imodzi yatsegula koma inayo yakana, rauta musaikhudze n'komwe, vuto lili pa foni yokanayo. Iyatseni `Airplane mode`, muwerenge mpaka 10, muzimitse. Ikakanabe, izimitseni foni yonse n'kuiyatsanso. Ikapitirira kukana, lowani pa `Settings`, kenako `Wi-Fi`, mudine dzina la wayifayi yathu, musankhe `Forget`, mulowenso polemba pasiwedi mwatsopano. Pasiwedi ili m'kope lobiriwira, tsamba loyamba. Ilembeni ndendende, chilembo chachikulu chikhale chachikulu, ndipo muonetsetse pomwe pali ziro kuti musaikepo chilembo O. Pa foni ya amayi onaninso deti. Batire yake ikatheratu, nthawi zina imadzuka ili ndi tsiku ndi chaka cholakwika, ndipo foni ya deti lolakwika masamba ambiri amaikana, amalemba kuti `Your clock is behind` kapena kuti `Your connection is not private`. Pa `Date & time` muyatse kuti izidziikira yokha nthawi.

Mafoni onse awiri akakana, pitani pa rauta mukaione ndi maso. Ili ndi tinyali kutsogolo, ndipo tinyali timeneto ndi tomwe timanena chomwe chavuta. Kuyambira kumanzere, koyamba ndi ka magetsi. Kachiwiri ndi ka netiweki, kamene kamasintha mtundu. Kachitatu ndi ka wayifayi, kali ndi chithunzi changati chimkupizo. Kumapeto kuli timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki ngati ta pa foni. Pa rauta yathuyi zonse zikakhala bwino, ka netiweki kamayaka kabuluu kowala osaphethira, ndipo timizere timayaka tiwiri kapena titatu.

Mukapeza tinyali tonse tazima, ndi nkhani ya magetsi basi. Onani ngati babu la pabalaza likuyaka, ndipo muone pa mita ngati mayunitsi sanathe. Magetsi akakhala alipo, tsatirani waya ndi dzanja kuchokera kumbuyo kwa rauta mpaka kukhoma. Kamutu kozungulira kolowa mu rauta kamasololoka mukamapukuta fumbi pa shelefu, kakankhireni mpaka kakhazikike. Onani switchi ya pa soketi, ndi ya pa ekisitenshoni yoyera ija. Bowo lake lakumapeto linakhwepa, musaligwiritse ntchito. Kuti mutsimikize kuti soketi ili ndi moto, lowetsanimo chaja ya foni muone ngati ikutchaja. Ikatchaja koma rauta osayaka ngakhale mwadina batani la `Power` kwa masekondi angapo, nthawi zambiri chomwe chafa ndi adaputa, kabokosi kakuda ka pa waya kaja, makamaka ngati magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu kapena kunachita ziphaliwali.

Apa ndikupempheni kuti musathamangire kutenga adaputa ina iliyonse chifukwa choti kamutu kake kakulowa. Timitu timafanana koma mphamvu zimasiyana. Werengani pa adaputa yathu pomwe alemba `Output`, mupeza `12V` ndi `1A`. Yolowa m'malo mwake iyenera kukhala ya `12V` ndendende. Nambala ya A ikakhala yokulirapo, monga `1.5A` kapena `2A`, palibe vuto, rauta imangotenga yomwe ikufuna. Koma ya laputopu ya achemwali ndi ya `19V`, ndipo imeneyo ikhoza kuotcha rauta nthawi yomweyo. Pafupi ndi manambalawo pali kachithunzi kokhala ndi + ndi −, kosonyeza kuti + ili pakati pa kamutu. Ya m'malo mwake ikhalenso choncho. Ngati mufuna kukagula ina, mphwanga unyamule yakufayo upite nayo ku mashopu a zamagetsi pa Kamuzu Road, akaione okha, m'malo mokafotokoza pakamwa.

Magetsi akazima n'kulumikiza rauta ku sola, kumbukirani kuti batire yathu siifika m'bandakucha ngati tivi inayaka mpaka usiku. Inveta ikayamba kulira kuti pii pii, rauta imazima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka, ndipo intaneti imabwera mphindi imodzi n'kuchoka. Izi si vuto la netiweki. Zimitsani tivi ndi fani, rauta yokha imadya moto wochepa, wosasiyana kwenikweni ndi babu limodzi la masiku ano.

Tinyali tikakhala tikuyaka koma intaneti palibe, ndiye chitani chija ndimachita ine poyamba. Zulani adaputa kukhoma, muwerenge mpaka 30 mosathamanga, mubwezere. Kenako dikirani mphindi zitatu zathunthu osakhudza kanthu. Ndikudziwa mphwanga umazula n'kubwezera pomwepo, ukaona kanyali kofiira n'kuzulanso. Kufiira kwa mphindi yoyambayo ndi kwabwinobwino, rauta imakhala ikudzuka, ikuwerenga simukhadi, ikufunafuna nsanja. Ukaizula pakati pa ntchito imeneyi imayambiranso pachiyambi. Kuzimitsa kotere sikufufuta kanthu, n'kosiyana kotheratu ndi kabowo kaja. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Ikakana kawiri, kachitatu sikasintha kanthu, pitirirani pa zotsatirazi.

Pozula adaputapo igwireninso rauta ndi chikhatho. Kufunda pang'ono ndi khalidwe lake, koma ikamatentha moti simungasiyepo dzanja nthawi yaitali, ndiye yatenthedwa. Kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, ndipo rauta ili pa zenera pansi pa malata. Amayi, ndikudziwa kuti kansalu koluka kaja mumakafunditsa pofuna kuiteteza ku fumbi, ndipo fumbi lilipodi, koma timabowo ta m'mbali mwakemo ndi momwe imapumira. Ikafunditsidwa masana imayamba kuchedwa, kenako n'kuima. Kansaluko muzikayala pansi pake. Ikatentha, isiyeni yozimitsa mphindi 15 pamthunzi musanaiyatse.

Mphindi zitatu zija zikatha, yang'anani kanyali ka netiweki. Apa njira zimagawikana pawiri, ndipo mtundu wa kanyaliko ndi womwe ukuuzeni kolowera.

Kakakhala kofiirabe ndipo timizere tonse tazima, rauta sikulankhulana ndi nsanja. Mwina simukhadi yasuntha, mwina netiweki yagwa dera lonse. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Simukhadi ya mu rauta ndi ya kampani imodzi ndi laini ya achemwali. Achemwali imani pa zenera lomwelo, muzimitse wayifayi, muyatse deta, muone pamwamba pa foni ngati pali timizere ndi chizindikiro cha `4G`. Yesani kuimba foni kapena kutsegula tsamba. Ngati nanunso mulibe netiweki, kapena pangotsala `E` yomwe siitsegula kanthu, funsani anzathu a kuseri kwa mpanda omwe ali pa kampani yomweyo. Nawonso akati zavuta, ndiye zagwa kunja, ndipo palibe chomwe mungakonze m'nyumba. Zimachitika magetsi akazima nthawi yaitali mpaka mabatire a pa nsanja kutha, kapena mvula yamkuntho ikadutsa. Isiyeni rauta yoyaka, idzalumikizika yokha netiweki ikabwera.

Koma foni ya achemwali ikamagwira `4G` bwinobwino pa zenera lomwelo, rauta ili yofiira, kaikireni simukhadi. Zulani kaye adaputa, musatulutse simukhadi rauta ili yoyaka. Tsegulani kachitseko ka pansi, muone kaye momwe khadiyo yakhalira, mbali yomwe kuli kona yodulidwa, kapena muijambule ndi foni musanaitulutse. Itulutseni, mupukute mbali yagolideyo ndi nsalu youma yofewa, osanyowetsa ndi malovu kapena madzi, muibwezere momwe inalili mpaka mumve kuti yakhazikika. Khadiyo ndi yaing'ono yomwe yakhala m'kafelemu ka pulasitiki. Kafelemuko musakalowetse kokha kopanda khadi, kamakola timawaya ta mkati n'kutithyola potuluka, ndipo zikatero rauta yonse yatha ntchito. Mukabwezera, yatsani mudikire mphindi zitatu zija.

Timizere tikangoyaka kamodzi kokha, kapena kanyali kakamasinthasintha mtundu, onani ngati rauta ili pamalo pake. Sindinaiike pa zenera la kumadzulo chifukwa chokongoletsa. Ndinayenda nayo nyumba yonse ndipo apo ndi pomwe inagwira timizere titatu, chifukwa nsanja ili mbali ya kutauni. Ikaikidwa kuseri kwa tivi, pamwamba pa filiji kapena m'kabati, makoma ndi zitsulo zimatchinga. Ngati inasunthidwa pokolopa, ibwezereni.

Tsopano njira inayo, yomwe ndikuganiza kuti ndi yomwe yakuchitikirani dzulo. Kanyali ka netiweki n'kabuluu, timizere tilipo, pa foni chimkupizo cha wayifayi chadzaza, koma palibe chotseguka. Pa foni pamakhala kachizindikiro kofuula pambali pa chimkupizocho, ndipo mukalowa pa `Wi-Fi` pamalembedwa kuti `Connected, no internet` kapena `Connected without internet`. Chimkupizo chodzaza chimangotanthauza kuti foni ndi rauta zikumvana m'nyumbamo, sichinena kanthu za kunja. Zili ngati mpope woti paipi yake ili bwinobwino kuchokera pa thanki, koma m'thankimo madzi mulibe. Zikaoneka choncho, pakhomo pathupo kawirikawiri imakhala bandulo, yatha kapena masiku ake akwana.

Kuti mutsimikize simufunika intaneti, rauta ili ndi tsamba lakelake lomwe limatseguka ngakhale bandulo itatha. Pa foni yomwe ili pa wayifayi yathu, deta ili yozimitsa, tsegulani Chrome mulembe manambala awa pamwamba penipeni polemba adiresi:

```
192.168.8.1
```

Pakati pa manambalawo ndi madontho, musaike mipata. Manambala omwewa alembedwa pa sitika ya pansi pa rauta, mukakaikira tembenuzani muone. Tsamba likatseguka lifunsa pasiwedi. Si ya wayifayi ija ayi, ndi ina, ili m'kope lobiriwira tsamba lachiwiri. Mukailakwitsa kangapo imakutsekerani kwa kanthawi, ndiye lembani modekha. Mukalowa, pezani pomwe alemba `SMS`. Simukhadi ya mu rauta imalandira mameseji ngati foni ina iliyonse, kungoti palibe amawawerenga. Kampani ikamachenjeza kuti bandulo yatsala pang'ono, kapena kuti yatha, uthengawo umafikira mmenemo. Werengani wapamwamba ndi deti lake. Pa tsambalo musasinthe china chilichonse, makamaka pomwe pali mawu oti `APN`, `Network mode` kapena `Restore`. Mungowerenga n'kutuluka.

Mukukumbukira mwezi wa Juni uja tinakhala tsiku lathunthu tikuti netiweki yagwa? Ndikufotokozereni momwe zinayendera, chifukwa ndi chitsanzo chabwino. Ndinagula bandulo ya mwezi ya 30 GB pa 3. Pa 15 madzulo zinthu zinaima. Tinyali tonse tinali bwino, mafoni onse anali pa wayifayi, ndipo tinazimitsa n'kuyatsa mwina kasanu. Palibe amene anaganizira za bandulo popeza mwezi unali usanathe, ine ndemwe. M'mawa mwake ndinalowa pa tsamba lija ndi kupeza mameseji awiri osawerengedwa, wina wa pa 13 wochenjeza, wina wa pa 15 wonena kuti yatha. Nditawerengera zinagwirizana. Tivi imaonetsa mavidiyo a pa YouTube pafupifupi maola awiri madzulo aliwonse, ndipo vidiyo yooneka bwino kwambiri imadya cha m'ma 1 GB pa ola, nthawi zina kuposa. Maola awiri kwa masiku 12 ndi 24 GB. Laputopu ya achemwali inali itadzitsitsira zokonzera Windows zokwana ma GB angapo popanda kufunsa munthu, ndipo zotsalazo zinapita m'mafoni athu anayi ndi a alendo omwe anabwera kumapeto a sabata. Bandulo ya mwezi imatha pa chomwe chayamba kukwana, masiku kapena ma GB. Ya ulendo uno ndinagula masabata awiri apitawo, ndiye sindidabwa mukapeza meseji yotere.

Mukapeza kuti yathadi, gulani ina, koma pogula pali misampha itatu yomwe ndaionapo ikudya ndalama. Woyamba ndi nambala. Mukagula pa foni yanu mwachizolowezi, bandulo imalowa pa laini yanu, rauta n'kukhalabe yopanda kanthu. Sankhani pogulira nambala ina, mulembe nambala ya simukhadi ya mu rauta. Ndinailemba pa kapepala komata kumbuyo kwa rauta ndi m'kope. Musanaike nambala yanu yachinsinsi, werengani nambalayo mokweza wina akuyang'ana m'kope, chifukwa ikapita kwa munthu wina kuibweza n'kovuta. Ngati mukagulira kwa ejenti, mulembereni nambalayo papepala.

Wachiwiri ndi mtundu wa bandulo. Zotchipa zija za WhatsApp kapena Facebook zokha sizithandiza mu rauta. WhatsApp itseguka, koma tsamba la kusukulu la achemwali silitseguka, inu n'kumadabwa. Ndipotu ichi ndi chizindikiro chabwino kuchidziwa: WhatsApp ikamayenda pa wayifayi koma Chrome ikukana, yomwe yatsala ndi bandulo ya mtundu umenewu. Zilinso za usiku zokha, zomwe masana sizigwira. Gulani ya intaneti yonse. Popeza ndibwera sabata yamawa, ya sabata imodzi ikukwanirani, yamwezi ndidzagula ndekha.

Wachitatu ndi kuika mayunitsi wamba mu simukhadi ya rauta n'cholinga choti mugule bandulo pambuyo pake. Rauta ikakhala yoyaka, mafoni onse a m'nyumba amayamba kukoka pomwepo, ndipo mayunitsi opanda bandulo akhoza kutha musanamalize n'komwe kugula. Gulani bandulo mwachindunji kuchokera pa ndalama za pa foni. Uthenga wotsimikiza ukabwera, zimitsani rauta masekondi 30 n'kuyatsa, chifukwa nthawi zina siizindikira yokha kuti mwalowa bandulo yatsopano. Mphwanga, mpaka achemwali atumize ntchito yawo, tivi ikhale pa masiteshoni wamba. Ukafuna vidiyo pa foni, dina kagudumu ka pa vidiyoyo, pa `Quality` usankhe `360p`, imaoneka ndithu ndipo imadya pang'ono.

Pali kanthu kamodzi kamene kamachitika mwa kamodzikamodzi. Mukafufuza pa foni n'kupeza dzina la wayifayi yathu palibiretu pa mndandanda, onani kanyali kachitatu ka chimkupizo. Kakakhala kozima, zimitsani rauta n'kuyatsa. Koma kakakhala koyaka, ndipo pa mndandanda pali dzina lachilendo la zilembo ndi manambala lomwe lili ndi mphamvu yodzaza mukaima pafupi ndi rauta, ndiye wina anatokosa kabowo kaja. Zikakhala kuti zachitika kale, musabise ndipo musaope, ingondiuzani. Tembenuzani rauta, pa sitika pali `SSID`, lomwe ndi dzina lachilendolo, ndi `Wi-Fi Key` kapena `Password`, yomwe ndi pasiwedi yake. Lowani ndi zimenezo pa foni iliyonse. Nthawi zambiri imagwira, zina zonse ndidzabwezeretsa ndikabwera.

Achemwali, za Lachisanu musade nkhawa ngakhale rauta itakaniratu. Foni yanu ikhoza kugwira ntchito ya rauta. Gulani bandulo ya tsiku limodzi ya intaneti yonse pa laini yanu, muyatse deta, mulowe pa `Settings` mupeze `Hotspot`, muyatse. Pa laputopu muona dzina la foni yanu pa mndandanda wa wayifayi, ndipo pasiwedi yake ili pomwepo pa `Hotspot`. Mukangolumikiza, lowani pa `Properties` ya wayifayi imeneyo pa laputopu muyatse `Metered connection`, kuti Windows isayambe kutsitsa zake n'kukumalizirani bandulo ntchito isanapite. Foni ikhale pa chaja chifukwa imatha moto msanga ikamagawa. Ngati yagwa ndi netiweki ya kampani yanu, gwiritsani ntchito foni ya amayi yomwe ili pa kampani inayo. N'chifukwa chake ndinakana kuti m'nyumba tonse tikhale pa kampani imodzi. Ndipo musadikire Lachisanu madzulo, tumizani Lachinayi m'mawa pomwe anthu sanachuluke pa netiweki.

Mitambo yayamba kusonkhana kunoko, kwanuko mwina posachedwa. Mukamva mabingu akuyandikira, zulani adaputa ya rauta kukhoma pamodzi ndi ya tivi, osangozimitsa pa switchi. Magetsi akazimanso zulani, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike musanabwezere. Adaputa yoyamba ija inapsa usiku wa mvula.

Mukayesa zonsezi n'kukanika, ndiuzeni, koma musangolemba kuti sikugwira chifukwa ndili kuno sindingathe kuona. Nditumizireni meseji wamba, osati ya pa WhatsApp, popeza meseji wamba imafika ngakhale komwe netiweki ndi yofooka. Lembani tinyali tomwe tikuyaka ndi mtundu wa kachiwiri, timizere tingati, mawu omwe foni yalemba pansi pa dzina la wayifayi, ngati laini ya achemwali ikugwira `4G` pa zenera, ndi zomwe meseji yomaliza ya pa tsamba lija ikunena. Mwachitsanzo: “Magetsi alipo, kachiwiri kabuluu, timizere titatu, foni ikuti no internet, laini ya achemwali ikugwira, meseji ikuti bandulo yatha dzulo.” Ndikaona zotere ndikuyankhani ndi mzere umodzi, kapena ndikugulirani bandulo ndili konkuno. Mukakhala ndi deta jambulaninso kutsogolo kwa rauta, koma sitika ya pansi ndi masamba a m'kope musajambule n'kutumiza m'magulu, pali mapasiwedi.

Madzulo aliwonse cha m'ma 7 koloko tizibwerera pa boma pomwe netiweki ilipo, ndipo ndiziimba pa foni ya amayi. Mphwanga, yamba pano ndi mafoni awiri aja, deta yozimitsa, kenako ukaone kanyali kachiwiri. Amayi, mankhwala aja musaiwale kumwa, ndipo mundiperekere moni kwa agogo.